Choyezera choyamba mizere iwiri, chachiwiri mzere umodzi: ndikhulupirire chiti?

Wosagona24
Abale, ndithandizeni nzeru, usiku wachitatu uno tulo sindikutiona. Masiku 24 apitawo kondomu inaphulika ndili ndi munthu amene sindidziwa mmene m'thupi mwake muliri. Pa tsiku la 21 ndinadziyeza HIV ndekha ndi kachipangizo kopaka m'nkhama kaja, panatuluka mzere umodzi pamalo olembedwa C. Mtima sunakhale pansi, ndiye dzana ndapita kuchipatala. Anandibaya chala, choyezera choyamba chinaonetsa mizere iwiri, wachiwiriwo wosaoneka bwino, ngati wolemba ndi pensulo yofufutika. Anatenga cha mtundu wina, chinaonetsa mzere umodzi. Anabwereza choyamba chija, mizere iwiri kachiwiri. Kenako phungu anandiuza kuti zotsatira sizikudziwika, ndibwerenso pakatha masiku 14. Ine ndikuona ngati akundibisira. Munthu angayezedwe katatu tsiku limodzi osauzidwa kuti ali nako kapena alibe?

Kadzidzi
Mizere iwiri ndi mizere iwiri basi achimwene. Akungokupatsani nthawi yoti mukonzekere mumtima. Limbani mtima, mankhwala alipo ndipo anthu akukhala nawo moyo wautali.

NamwinoWakale
A Kadzidzi, za mankhwala mwanena zoona, koma zinazo ayi, ndipo mawu amenewo angathe kumupweteka munthu. Phungu saloledwa kubisa zotsatira. Akanakhala kuti wapeza kachirombo akanakuuzani tsiku lomwelo, chifukwa masiku ano munthu akapezeka nako amafuna ayambe mankhwala msanga.

A Wosagona24, zimene anachita phunguyo ndi ndondomeko yeniyeni. Bungwe la WHO mu 2019 linalangiza kuti munthu azinenedwa kuti ali ndi HIV pokhapokha zoyezera zitatu za mitundu yosiyana zitaonetsa mizere iwiri motsatizana. Choyamba chikaonetsa koma chachiwiri n'kukana, amabwereza choyambacho. Chikakana pobwereza paja, munthuyo amauzidwa kuti alibe. Chikaonetsanso, monga zinachitikira kwa inu, amalemba kuti zotsatira sizikudziwika ndipo amakuitanani pakatha masiku 14. Ndiye simunabisiridwe kanthu. Magazi anu pa tsiku limenelo sanapereke yankho limodzi, ndipo phungu wakuuzani chimene anaona.

Wosagona24
Zikomo amayi. Koma chimene sindikumvetsa n'chakuti magazi ndi amodzimodzi, chala chomwecho. Zitheka bwanji china kuvomera china kukana? Chimodzi n'chowonongeka?

NamwinoWakale
Mwina palibe chowonongeka. Zoyezera zapompopompozi, zambiri mwa izo, sizifufuza kachirombo kenikeniko. Zimafufuza maantibodi, amene thupi limapanga likazindikira kuti mwalowa kachirombo. Mkati mwa kachipangizo muli kapepala, ndipo pamalo olembedwa T anapakapo tizidutswa tofanana ndi khungu la kachirombo. Magazi akamayenda pa kapepalako, ngati muli maantibodi a HIV, amamatirira pa tizidutswato n'kupanga mzere. Kampani iliyonse imasankha tizidutswa take ndi kapangidwe kake, n'chifukwa chake zoyezera ziwiri sizimva mofanana.

Pa nkhani yanu pali njira ziwiri, ndipo sindikunamizani kuti ndikudziwa yolondola. Yoyamba ndi yakuti kachirombo kanalowadi masiku 24 apitawo ndipo thupi langoyamba kumene kupanga maantibodi. Akadali ochepa, choyezera choyamba chimene chimasankhidwa chifukwa chakumva msanga chawaona, chachiwiri sichinawaonebe. Yachiwiri ndi yakuti mulibe HIV, koma m'magazi mwanu muli maantibodi a chinthu china amene amatirira molakwika pa tizidutswa ta choyezera choyamba. Zimachitika kwa anthu ena, ndipo choyezera cha mtundu womwewo chimabwerezanso kulakwa komweko pa munthu yemweyo, ndiye musadabwe kuti chinaonetsa kawiri.

Masiku 14 aja ndi olekanitsa njira ziwirizi. Ngati ndi yoyamba, maantibodi amachuluka mofulumira m'masabata amenewa, ndipo mukadzabwerera zoyezera zonse zidzavomerezana. Ngati ndi yachiwiri, chachiwiri chija chidzakanabe, kapena choyambacho chidzasiya kuonetsa.

Dziwazako
Ine ndinamva kuti mzere ukakhala wofooka ndiye kuti tizirombo ndi tochepa, thupi likhoza kutigonjetsa lokha munthu akamadya bwino. Ndiye a Wosagona24 musade nkhawa kwambiri.

WapaLabu
Ayi a Dziwazako, chonde zimenezo musamauze anthu. Kuwala kapena kufooka kwa mzere sikuyeza kuchuluka kwa tizirombo. Kuchuluka kwa tizirombo kumayezedwa ndi vairo lodi, ku labu. Ndipotu zimakhala mosemphana ndi mmene mukuganizira: m'masabata oyambirira, pamene maantibodi ali ochepa ndipo mzere ungakhale wofooka kapena osaoneka n'komwe, m'pamene tizirombo timakhala tambirimbiri m'magazi ndipo munthu amapatsira mnzake mosavuta. Ndiponso chakudya sichichotsa HIV m'thupi.

Powerenga lamulo ndi ili. Mzere wa C umasonyeza kuti madzi ayenda bwino pa kapepala. Ukapanda kutuluka, choyezeracho chalephera, ngakhale pa T patakhala mzere wakuda bii. Mumataya n'kuyambiranso ndi chatsopano. C akatuluka yekha, sichinapeze maantibodi. C ndi T akatuluka onse mkati mwa nthawi yoikika, timati chaonetsa, kaya T ndi wofooka motani. Sitinena kuti munthuyo ali ndi kachirombo, timati chaonetsa ndipo tipitirize ndi chachiwiri.

Njinga_Yakale
Pa nkhani ya nthawi yoikikayo ndilankhuleko, chifukwa ine inandigwetsa m'mavuto. Ndinadziyeza usiku, ndinadikira mphindi 20 monga pepala linanenera, mzere umodzi. Kachipangizoko ndinakasiya pa tebulo n'kugona. M'mawa ndikukonza m'nyumba ndinakatola kuti ndikataye, ndikuona kamzere kotuwa pa T. Miyendo inazizira. Ndinakayang'ana pa zenera, ndinakaunika ndi tochi ya foni, ndinakajambula n'kumakulitsa chithunzi. Sabata yonse sindinadye bwino, mkazi wanga akundifunsa chavuta n'chiyani ine osayankha. Nditapita kuchipatala ndi kachipangizo kanga m'thumba, anandiuza kuti chimene chagona usiku wonse sichiwerengedwa. Anandiyeza magazi, ndinalibe.

WapaLabu
Nkhani ya a Njinga_Yakale ndimaimva kawirikawiri. Kapepala kakamauma, malo amene anapakapo tizidutswa aja amatha kuoneka ngati kamthunzi. Choyezera chilichonse chili ndi nthawi yake yolembedwa pa pepala lake. OraQuick yopaka m'nkhama imawerengedwa pakati pa mphindi 20 ndi 40. Determine imawerengedwa kuyambira mphindi 15 mpaka 60. INSTI imatuluka pa mphindi imodzi yokha ndipo imaonetsa timadontho m'malo mwa mizere. Mukawerenga nthawi isanakwane mungaphonye mzere umene unali m'njira, mukawerenga itadutsa mungaone umene si weniweni. Tcherani wotchi, werengani pamalo owala, kenako tayani.

Mphunzitsi_Masamu
Ine funso langa ndi lina. Pa mapepala amalemba kuti zoyezerazi n'zolondola 99 pa 100 iliyonse. Ngati zili choncho, bwanji kuvutitsa munthu ndi zoyezera zitatu? Chimodzi chikaonetsa, si ndiye kuti mwayi woti chalakwa ndi 1 pa 100 basi?

WapaLabu
Aphunzitsi, apa ndi pamene ambiri timapunthwa, ndipo inu amasamu mugwira msanga. Nambala ija ikunena za anthu amene alibe kachirombo: mwa anthu 100 otere, choyezera chidzakana molondola pa 99 ndipo chidzaonetsa molakwika pa mmodzi. Sikunena za anthu amene choyezera chawaonetsa mizere iwiri.

Tipange chitsanzo chongoyerekeza. Tayeza anthu 1,000, ndipo mwa iwo 10 ali ndi HIV koma sakudziwa. Choyezera chiwapeza onse 10, tinene choncho. Otsala 990 alibe, koma pa 100 aliyense chilakwitsa mmodzi, ndiye ndi anthu pafupifupi 10 enanso amene aona mizere iwiri. Madzulo tili ndi anthu 20 a mizere iwiri, ndipo theka lawo alibe kachirombo. Mukanakhala inu phungu, mukanawauza onse 20 kuti ayambe ma ARV a moyo wonse?

Tsopano anthu 20 aja tiwayeze ndi choyezera cha mtundu wina. Khumi enieni aja chiwaonetsanso. Khumi olakwika aja, popeza chimene chinasokoneza choyamba nthawi zambiri sichisokoneza chachiwiri, pafupifupi onse achoka. Chachitatu chimagwira wotsala apo ndi apo. Cholinga cha WHO n'chakuti mwa anthu 100 ouzidwa kuti ali nako, osachepera 99 akhale kuti alidi nako.

Mphunzitsi_Masamu
Ndagwira. Ndiye kuti gulu likakhala ndi odwala ochepa, m'pamene choyezera chimodzi chimasocheretsa kwambiri. Mwa anthu 1,000 omwewo akanakhala kuti 200 ali nako, olakwika akanakhala 8 okha pa anthu 208 a mizere iwiri.

WapaLabu
Ndendende. N'chifukwa chake kale kumadera kumene ambiri oyezedwa ankapezeka nako ankagwiritsa ntchito ziwiri zokha. Pamene anthu ambiri amene ali nako adziwa kale ndipo ali pa mankhwala, otsala osadziwa achepa pakati pa obwera kudzayezetsa, ndiye chachitatu chinafunika. Ndipo chenjezo limodzi pa masamu athuwa: amagwira ntchito ngati zoyezerazo zili za mitundu yosiyana. Kugula zitatu za mtundu umodzi n'kudziyeza katatu si kutsimikiza.

Kadzidzi
Chabwino ndavomera kuti ndinafulumira. Komabe ine ndikuona kuti kumusiya munthu masabata awiri ali m'malere ndi nkhanza. Makina oyeza kachirombo kenikeni alipo. Bwanji osangomuyeza ndi amenewo nkhani ithe?

NamwinoWakale
Apa a Kadzidzi muli ndi mfundo. Kuyeza kwa PCR kumafufuza kachirombo kenikeniko ndipo kumatha kukapeza pakati pa masiku 10 ndi 33 kuchokera pamene kanalowa, malinga ndi bungwe la zaumoyo la ku America la CDC. Pa munthu ngati a Wosagona24, amene akudziwa tsiku limene ngozi inachitika, kukanathandiza. Koma si chipatala chilichonse chili ndi makinawo, ndipo kumene aliko nthawi zambiri amasungira makanda ndi anthu amene ali kale pa mankhwala. A Wosagona24, kufunsa sikulakwa. Muwauze tsiku lenileni la ngoziyo, ndipo ngati mwamva kutentha thupi, zilonda zapakhosi, totupa pakhungu kapena mwanabere, muwauzenso, chifukwa zimenezo zingachititse dokotala kuganiza zoyeza mwanjira ina. Koma musadziyeze ndi zizindikiro. Ambiri samva kalikonse, ndipo zizindikiro zomwezo zimabwera ndi matenda ena ambiri.

Wosagona24
Sindinamve kalikonse m'thupi kupatula kusowa tulo. Koma ndikufuna ndimvetse za kachipangizo ka m'nkhama kaja. Kanakana pa tsiku la 21. Kodi zimenezo sizikundiikira kumbuyo?

WapaLabu
Ndikanakonda ndikanati inde, koma pa tsiku la 21 yankho lake silinena zambiri za ngozi imeneyi. Munali mkati mwa windo piriyodi, nthawi ija kachirombo kangakhale kalowa koma choyezera sichingaone kanthu. Zoyezera za maantibodi okha zimayamba kuona pakati pa masiku 23 ndi 90. Za ku labu zimene zimafufuzanso p24, kachidutswa ka kachirombo kamene kamaoneka maantibodi asanabwere, zimaona pakati pa masiku 18 ndi 45. Ndipo cha m'nkhama chimachedwerapo kuposa cha magazi, chifukwa m'madzi a m'nkhama maantibodi amakhala ochepa kwambiri. Chimene yankho la tsiku la 21 lija likukuuzani n'chakuti mwina munalibe kachirombo miyezi itatu m'mbuyomo. Za kondomu yophulikayo silinanene kanthu.

MakeTadala
Pepani kulowerera ndi nkhani yanga. Ine ndili pa ma ARV zaka zisanu tsopano, ndipo ndili ndi mwana wa miyezi 7. Mchemwali wanga akundikakamiza kuti timuyeze mwana ndi kachipangizo komweko kunyumba kuti mitima ikhale pansi. Ku sikelo anamutenga magazi pachidendene ali ndi masabata 6 ndipo anati alibe. Ndimuyeze?

NamwinoWakale
Ayi make mwana, musamuyeze nako. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amatengera maantibodi a mayi ake ali m'mimba, ndipo amatha kukhala nawo mpaka miyezi 18 ngakhale iye alibe kachirombo. Kachipangizoko kangaonetse mizere iwiri chifukwa cha maantibodi anu, inu n'kulira pachabe. N'chifukwa chake makanda amawayeza ndi PCR, magazi a pachidendene aja. Pitirizani kumwa mankhwala anu mosadumphitsa ndipo musaphonye masiku amene anakulemberani oyezanso mwana, makamaka akadzasiya kuyamwa, chifukwa nthawi yonse yoyamwitsa mpata woti atenge umakhalapobe ngakhale uli wochepa.

MakeTadala
Zikomo, ndimuonetsa mchemwali wanga uthengawu. Ndiwonjezereko china chimene ndinaona kwa mnzanga wa pa mankhwala. Anadziyeza ndi ka m'nkhama patatha zaka akumwa, kanaonetsa mzere umodzi, iye n'kuganiza kuti wachira. Anasiya mankhwala miyezi ingapo mpaka anadwala kwambiri.

WapaLabu
Zimenezo zimandipweteka mtima nthawi zonse ndikazimva. Munthu akamwa ma ARV mokhulupirika, tizirombo timachepa kwambiri, ndipo kwa ena maantibodi nawo amatsika mpaka choyezera, makamaka cha m'nkhama, chimalephera kuwaona. Kachirombo kamakhala kalipobe, kabisala. Pa pepala la zodziyezera amalemba kuti amene ali pa ma ARV asagwiritse ntchito. Amene akukayika ngati anamuyeza bwino poyamba akalankhule ndi achipatala ali kumwabe mankhwala, asasiye yekha.

Dziwazako
Ndiye ngati choyezera chimatha kunama uku ndi uku, anthu ena si akumwa mankhwala pachabe?

NamwinoWakale
Kuopa zimenezo ndiko kunabweretsa zoyezera zitatu, ndiponso lamulo lakuti munthu ayezedwenso asanayambe ma ARV. Kuyezanso kumeneko kumagwira zolakwa za anthu ifeyo: kusokoneza magazi a anthu awiri, kuthira madontho olakwika a madzi oyendetsera magazi, kugwiritsa ntchito choyezera chimene masiku ake anatha kapena chimene chinakhala pamalo otentha. Ndinagwira ntchitoyi zaka zambiri ndipo ndikudziwa mmene dzanja limatopera pamzere wautali. Amene wadutsa magawo onsewo n'kupezeka nako, asakayike.

Mlonda_wa_Usiku
Palibe amene watchula PEP. A Wosagona24 akanapita kuchipatala mkati mwa maola 72 kondomu itaphulika, akanalandira mankhwala a masiku 28 oteteza kuti kachirombo kasakhazikike. Sindikunena kuti ndiwadzudzule, kwa iwo nthawi inadutsa, koma wina akuwerenga pano mwina zamuchitikira dzulo.

Wosagona24
Sindinkadziwa kuti ndi maola 72. Ndinkaganiza kuti PEP ndi ya ogwiriridwa ndi anamwino obayidwa ndi jakisoni okha. Ndikanadziwa ndikanathamanga m'mawa mwake.

Ndili ndi chibwenzi changa chenicheni, sichikudziwa kalikonse. Masiku 14 amenewa nditani?

NamwinoWakale
Mudzitenge ngati munthu amene angapatsire mnzake kufikira yankho litadziwika. Kondomu nthawi zonse, kapena kudziletsa kumene. Ngati mwagonana naye popanda kondomu kuchokera tsiku la ngozi lija, naye ayenera kuyezedwa, ndipo ngati zachitika m'maola 72 apitawa, PEP ija ikumukhudza iyeyo lero lomwe. Mmene mungamuuzire ndi nkhani yoti mukambirane ndi phungu wanu, amathandiza pa zimenezo. Ndipo musagule zoyezera zina n'kumadzibaya tsiku ndi tsiku. Mungowonjezera mizere yoti muziiyang'ana usiku.

Wosagona24
Sitinagonane kuchokera tsikulo, ndakhala ndikupereka zifukwa. Ndidzabwera kudzakuuzani.

Wosagona24
Ndabwerako lero, tsiku la 38. Choyezera choyamba chija, cha mtundu womwewo, mzere umodzi. Phungu anadikira nthawi yonse, tinayang'ana limodzi pa zenera, pa T panali poyera. Walemba kuti ndilibe, koma wati ndidzabwerenso miyezi itatu ikakwana kuchokera tsiku la ngozi. Ndinalira pamaso pake. Funso langa lomaliza: ngati ndilibe, ndikabwererenso chiyani?

WapaLabu
Ndasangalala nanu kwambiri. Kukanakhala kuti mzere uja unali wa maantibodi a HIV ongoyamba kumene, lero ukanakhala wakuda ndipo chachiwiri chikanavomereza. Kuzimiririka kwake kukusonyeza kuti unali wolakwika. Koma funso la mzere uja ndi losiyana ndi funso la kondomu ija. Tsiku la 38 likadali mkati mwa masiku 90 a zoyezera za maantibodi. Anthu ambiri amakhala ataonetsa kale pofika pano, ochepa amachedwa, ndipo ulendo wa miyezi itatu ndi wa ochepawo.

Mlonda_wa_Usiku
Ine kwathu anandiuza masabata 6, osati miyezi itatu. Ndiye zoona ndi ziti?

NamwinoWakale
Zimatengera choyezera ndi ndondomeko ya dziko. Kumene amatumiza magazi ku labu kukafufuza p24 pamodzi ndi maantibodi, masiku 45 amakwanira. Pa chobaya chala cha maantibodi okha, ine ndimagwirabe miyezi itatu, makamaka kwa amene anamwa PEP, chifukwa mankhwalawo angachedwetse maantibodi kuoneka.

WapaLabu
Apa amayi tisiyana pang'ono. Zoyezera za magazi za masiku ano zimamva msanga kuposa zakale, ndipo munthu amene sanamwe PEP akakana pa masabata 6 ine ndimamuuza kuti agone tulo, ngakhale ndimamulemberabe tsiku lomaliza lija.

Wosagona24
Ndalemba tsiku la 90 pa kalendala, kwatsala masiku 52. Chibwenzi changa ndachiuza usiku wathawu. Sichinandiyankhe kanthu mpaka pano, koma chafunsa kuti chipatalacho amatsegula nthawi yanji.